Kodi moto wa m'foni umakhala pati?

Foni ikazima timati yatha moto. Timapita nayo pa kashopu kotchajitsa, kapena kuilumikiza ku sola, ndipo pakapita maola awiri kapena atatu timati yadzaza. Kalankhulidwe kameneka kamatipatsa chithunzi cha chidebe: magetsi amathiridwamo ngati madzi, ife n'kumatungamo pang'onopang'ono mpaka atatha. Koma mutakhala ndi sikelo yabwino, n'kuyeza batire lodzaza ndi batire lomwelo litatha, mungapeze kuti kulemera kwake n'chimodzimodzi. Tchaja siwonjezera kanthu m'batire. Ntchito yake ndi kusamutsa chinthu chimene chili kale m'katimo, kuchichotsa pamene chakhazikika n'kuchikankhira pamene sichifuna kukhala. Chinthucho ndi lithiyamu, ndipo chilichonse chimene batire limachita, kuyambira kuyatsa foni mpaka kufufuma ndi kupsa, chimachokera pa ulendo wake wopita ndi kubwera.

Tiyeni titenge batire limodzi tiyende nalo. Labwino kuphunzirirapo ndi la kafoni ka mabatani, chifukwa limachotseka ndipo zolemba zake zimaoneka. Mukatsegula chivundikiro mupeza kabatire kolemera pafupifupi magalamu 20, kolembedwa `Li-ion`, `3.7V`, `1000mAh`, ndipo penapake pali `4.2V`. Manambala atatu amenewa tiwamasulira lililonse pa nthawi yake.

Lithiyamu ndi chitsulo, koma chitsulo chachilendo. Ndi chopepuka kuposa zitsulo zonse, moti chimayandama pamadzi ngakhale pamafuta, ndipo ndi chofewa choti n'kudulidwa ndi mpeni. Pa tchati cha maelementi chili pa nambala 3, kutanthauza kuti atomu yake ili ndi maelekitironi atatu okha. Awiri ali pafupi ndi pakati, ogwidwa zolimba. Wachitatu ali kunja yekha, ndipo atomuyo imamutaya mosanyinyirika ikangopeza womulandira. Ikatero imatsala ndi mphamvu ya pozitivu, ndipo pamenepo timaitcha ayoni, yolembedwa Li⁺. Kuwolowa manja kumeneku n'kumene kunakopa akatswiri a mabatire, chifukwa magetsi ndi maelekitironi oyenda, ndipo lithiyamu amawapereka mwamphamvu iye mwini asakulemera. Koma n'komwenso kumamuchititsa kukhala woopsa. Kachidutswa ka lithiyamu kakaponyedwa m'madzi kamachita thovu n'kumatulutsa mpweya wa haidirojeni, umene umayaka.

M'batire lanu mulibe chitsulo cha lithiyamu ngakhale kachidutswa. Muli timapepala titatu tatitali tosanjikizana, topindidwa ngati mkeka. (Musalitsegule kuti mukaone, likhoza kuyakira m'manja.) Koyamba ndi kapepala ka kopa kopakidwa girafaiti, chinthu chakuda chomwe chija chili pakati pa pensulo. Mbali imeneyi ndi ya negetivu, ndipo a kemisitiri amaitcha anodi. Kachiwiri ndi kapepala ka aluminiyamu kopakidwa ufa wina wakuda wa lithiyamu, kobati ndi okosijeni, LiCoO₂. Imeneyi ndi mbali ya pozitivu, kathodi. Pakati pawo pali kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, kokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, kamene ntchito yake ndi kuletsa mbali ziwirizo kukhudzana. Zonsezi zanyowetsedwa ndi timadzi totchedwa elekitirolaiti, tomwe si madzi enieni ayi, koma mankhwala a m'gulu la makaboneti osungunuliramo mchere wa lithiyamu, LiPF₆.

Chinsinsi chili m'kamangidwe ka maufa awiri akudawo. Girafaiti ndi kaboni yekhayekha, koma maatomu ake analukana m'timasamba tafulati tosanjikizana ngati masamba a buku. Mkati mwa tsamba limodzi maatomu agwirana zolimba kwambiri, koma tsamba ndi tsamba linzake angotsamirana. N'chifukwa chake pensulo imalemba: timasambato timasupuka n'kutsalira papepala. Ufa wa kobati nawo ndi wosanjikizana, mizere ya kobati ndi okosijeni, lithiyamu ali pakati. Choncho mbali zonse ziwiri zili ndi mipata imene ayoni ya lithiyamu ikhoza kuloweramo ndi kutulukamo, nyumbayo osagumuka. Kumeneku ndiye kusiyana kwake ndi mabatire a tochi aja, amene zinki wake amadyeka mpaka kutha. Apa mlendo yekha ndi amene amayenda, eninyumba amakhala chikhalire.

Nyumba ziwirizi sizimusunga mlendoyu mofanana. M'girafaiti lithiyamu amakhala mosakhazikika, pafupifupi ngati mmene amakhalira ali chitsulo, elekitironi yake ili yokonzeka kuchoka. Pakati pa kobati ndi okosijeni amakhala mwamtendere, chifukwa kobati amene wasowa elekitironi amailandira ndi manja awiri, n'kusintha kuchoka pa Co⁴⁺ kukhala Co³⁺. Batire lodzaza ndiye lija lithiyamu wake ali m'girafaiti, akulakalaka kubwerera kwawo. Kukula kwa chilakolako chimenecho n'kumene timayeza m'mavoliti. Mukaganiza za thanki ya madzi ili pansanja, `3.7V` ndi kutalika kwa nsanjayo, pamene `1000mAh` ndi kuchuluka kwa madzi ali m'thankimo. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza ntchito yonse imene batire lingagwire, 3.7 Wh.

Nanga bwanji lithiyamuyo sangothamangira kwawo nthawi imodzi? Chifukwa sangapite yekha. Ayoni ndi elekitironi yake ziyenera kunyamuka pamodzi ndi kukafika pamodzi, koma njira zawo n'zosiyana. Ayoni imatha kusambira m'timadzi tija n'kudutsa m'timabowo ta kapulasitiki. Elekitironi sitha, timadzito sitiilola kudutsa. Iyo iyenera kutuluka kudzera pa kopa, kuzungulira m'mawaya a foni, n'kukalowa kutsidya kudzera pa aluminiyamu. Zili ngati anthu awiri awoloka mtsinje, wina pabwato, wina paulalo, ndipo paulalopo ife tamangapo chigayo choti aliyense wodutsa azichizunguza. Chigayocho ndiye nyali ya foni, sipika ndi kawayilesi kake. Mukazimitsa foni mwatseka ulalo, ndipo wapabwatoyo amaimanso kudikira mnzake. Potchaja zonse zimabwerera m'mbuyo: tchaja imakoka maelekitironi ku kathodi n'kuwakankhira ku anodi, ndipo maayoni amatsatira kudzera m'timadzi. Ophunzira kemisitiri amalemba kutchajako motere:

LiCoO₂ → Li₀.₅CoO₂ + 0.5 Li⁺ + 0.5 e⁻

6 C + Li⁺ + e⁻ → LiC₆

Mzere wachiwiriwu ukunena kuti girafaiti akadzaza amasunga lithiyamu mmodzi pa maatomu 6 aliwonse a kaboni. Amene anamuonapo m'labotale amadziwa kuti amasinthanso mtundu: wakuda uja, lithiyamu akamalowa, amayamba kubiriwira ngati buluu, kenaka kufiirira, ndipo akadzaza amaoneka ngati golide.

Tsopano tiwerengere kuti m'kabatire kathu mumayenda lithiyamu wochuluka bwanji. Ayoni iliyonse imayenda ndi elekitironi imodzi, ndipo zikawerengedwa bwino galamu imodzi ya lithiyamu imanyamula pafupifupi 3,860 mAh. Batire lathu ndi la 1,000 mAh, choncho lithiyamu woyendayo ndi magalamu 0.26 okha, kungopitirira pang'ono kota ya galamu. Macheza onse a mlungu wathunthu pa kafoni kaja, ndi tochi yake usiku magetsi atazima, zimachokera pa kanthu kochepa chonchi. Zolemera ndi nyumba zake. Galamu ya girafaiti imasunga 372 mAh ikadzaziratu, ndiye pakufunika pafupifupi magalamu 3. Ku kathodi nkhani ndi ina. Papepala galamu ya LiCoO₂ ili ndi 274 mAh, koma m'batire ngati lathuli opanga amagwiritsa ntchito pafupifupi 140 yokha, ndiye pakufunika magalamu 7.

Taonaninso mzere woyamba uja, pali 0.5. Theka lokha la lithiyamu ndi limene limaloledwa kutuluka m'kathodi. Lina limatsala dala, chifukwa lithiyamu pakati pa mizere ya kobati ndi okosijeni ali ngati mizati ya nyumba. Mukazula theka denga limapirira. Mukapitiriza, mizere ija imayamba kusuntha ndi kusweka, kobati amayamba kusungunukira m'timadzi, ndipo okosijeni amamasuka. Nambala ija ya `4.2V` ndiye malire ake: mavoliti akafika pamenepo ndiye kuti theka latuluka, kutchaja kulekere pomwepo. Mafoni amakono amafika `4.35V`, `4.4V` kapena kupitirira apo, chifukwa opanga anaphunzira kulimbitsa ufawo pothiramo timaginiziyamu ndi tialuminiyamu pang'ono, komanso kukuta timibulu take. Komabe malire alipo ndithu, anangosunthidwa pang'ono.

Kamangidwe kameneka sikanabwere tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1970, Stanley Whittingham, akugwira ntchito ku kampani ya mafuta ya Exxon ku America, anapanga batire la kathodi yosanjikizana ya titaniyamu ndi sufule, koma anodi yake inali chitsulo chenicheni cha lithiyamu. Vuto la chitsulo ndi lakuti potchaja lithiyamu sabwerera mosalala. Amamera ngati timinga, ndipo timingato timakula mpaka kuboola kapulasitiki n'kukhudza mbali inayo. Kampani ya ku Canada ya Moli Energy inagulitsa mabatire a mtundu wa chitsulo, ndipo mu 1989 anaitanitsidwa kubwerera foni itayaka ku Japan. Pa nthawiyo n'kuti John Goodenough ndi anzake ku yunivesite ya Oxford ataonetsa kale, mu 1980, kuti LiCoO₂ amapereka pafupifupi mavoliti 4. Ubwino wina wa ufa umenewu ndi wakuti umabwera ndi lithiyamu wakewake, choncho anodi ikhoza kuyamba yopanda kanthu. Akira Yoshino wa ku Asahi Kasei ku Japan anagwiritsa ntchito mwayi umenewu mu 1985, n'kuika kaboni m'malo mwa chitsulo. Sony inayamba kugulitsa mabatirewa mu 1991, ndipo atatuwo analandira mphoto ya Nobel mu 2019, Goodenough ali ndi zaka 97.

Chimene ine ndimaona kuti n'chodabwitsa kuposa zonsezi sichitchulidwa kawirikawiri. Malinga ndi malamulo a kemisitiri, batire ili siliyenera kugwira ntchito nkomwe. Madzi enieni sangagwiritsidwe ntchito chifukwa amasweka mavoliti akangopitirira 1.23. Makaboneti aja amapirira kuposa apo, koma nawonso sangapirire girafaiti wodzaza lithiyamu, amene ali wokonzeka kupereka maelekitironi kwa chilichonse chomukhudza. Timadzito tikangomukhudza timalandira maelekitironi n'kuwola. Zikanapitirira choncho, batire likanadzidya lokha m'masiku ochepa.

Chimalipulumutsa ndi nkhanambo. Batire likatchajidwa koyamba, ku fakitale, mwapang'onopang'ono ndi mosamala, timadzi tokhudza girafaiti timawoladi, koma zotsalira zake sizisungunuka. Zimamatirira pa girafaitipo n'kupanga kakhungu kopyapyala zedi, ka zinthu monga Li₂CO₃ ndi LiF, monga mmene magazi amaumira pachilonda n'kuletsa ena kutuluka. Kakhungu kameneka kali ndi khalidwe lomwe lija la timadzi: maayoni a lithiyamu amadutsa, maelekitironi sadutsa. Maelekitironi akalephera kufika pa timadzi, kuwolako kumaima. M'mabuku kamalembedwa SEI, dzina limene anapereka Emanuel Peled mu 1979. Kali ndi mtengo wake. Lithiyamu amene walowa m'nkhanambo sabwereranso, ndipo pa kutchaja koyamba kokhako pamatayika pakati pa magawo 5 ndi 10 pa 100 aliwonse. Mumagula batire limene linapereka kale chakhumi.

Kuti muone kuchepa kwa zinthu zimene zimasiyanitsa batire labwino ndi lolephera, tamvani izi. Kwa zaka zambiri girafaiti ankakanika. Ofufuza ankagwiritsa ntchito timadzi totchedwa puropilini kaboneti, ndipo timeneti tinkalowa pamodzi ndi lithiyamu pakati pa timasamba ta girafaiti n'kutisupula mpaka ufawo kuphwasuka. N'chifukwa chake Yoshino ndi a Sony anayamba ndi mitundu ina ya kaboni. Mu 1990 gulu la Jeff Dahn ku Canada linaonetsa kuti m'bale wake wa timadzito, etilini kaboneti, amapanga nkhanambo yolimba imene imateteza girafaiti. Mankhwala awiriwa amasiyana ndi kanthambi kamodzi kokha, CH₃. Kuipa kwa etilini kaboneti n'kwakuti m'nyumba wamba ndi wouma ngati kandulo, amasungunuka pa madigiri 36, ndiye amamusakaniza ndi makaboneti ena opyapyala. Opyapyalawo amayaka msanga, ndipo tikumana nawonso posachedwa.

Tsono ukalamba wa batire ndi nkhani ya nkhanambo yomweyi. Lithiyamu akalowa, girafaiti amafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, akatuluka amanyala. Kupuma kotereku kumang'amba nkhanambo apa ndi apo. Pong'ambikapo timadzi timakhudzanso girafaiti, nkhanambo yatsopano imamera, ndipo imadya lithiyamu wina. Kutayika kwake pa ulendo umodzi n'kochepa kwambiri. Tiyerekeze kuti pa maayoni 2,000 aliwonse opita, imodzi yokha ndi imene sibwerako. Mungati palibe chodandaulitsa. Koma chulukitsani 0.9995 ndi iye mwini ka 500, mupeza 0.78. Ndiye kuti mukatchaja ndi kumaliza batire tsiku lililonse kwa chaka ndi miyezi inayi kapena isanu, la 1,000 mAh lija latsala la 780. Manambala amene opanga ambiri amalonjeza sali kutali ndi amenewa: magawo 80 pa 100 pambuyo pa maulendo 500.

Nkhanambo imakulanso ngakhale batire lili chigonere, ndipo zinthu ziwiri zimaifulumizitsa. Choyamba ndi kutentha. A kemisitiri ali ndi muyezo wongoyerekeza woti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, zochitika zambiri za mankhwala zimathamanga kawiri. Chachiwiri ndi kudzaza, chifukwa pa mavoliti 4.2 girafaiti amakhala wolusa kwambiri, ndipo kathodi nayo imakhala ikulanda maelekitironi m'timadzi ta mbali yake. Ziwirizi zikakumana ndiye batire limakalamba msanga. Foni yodzaza imene yasiyidwa pa dashibodi ya minibasi masana a Okutobala ku Nsanje, kapena imene ikutchajidwa pambali pa sola padzuwa lomwelo, kapena pansi pa pilo usiku wonse, ikudya lithiyamu wake mwiniwake asanaimbe n'komwe. Kuika sola padzuwa koma foni pamthunzi kumathandiza kuposa malangizo ambiri amene timauzana. Ndipo batire loti lisungidwe miyezi ndi bwino kulisiya lili cha pakati, pamalo ozizira. Mwambo uja womaliziratu moto usanatchaje unachokera ku mabatire akale a nikelo. Kwa lithiyamu ulibe phindu.

Batire lokalamba limadziwika. Ambiri takumanapo ndi foni imene ikuonetsa 30 pa 100, koma ukangoti uimbe kapena ujambule chithunzi, yazima. Si kuti lithiyamu watheratu. Nkhanambo yakhuthala, maayoni akudutsa movutikira, ndipo foni ikapempha magetsi ambiri nthawi imodzi mavoliti amagwa mwadzidzidzi mpaka pansi pa malire amene foni imagwirira ntchito, cha m'ma 3.3 kapena 3.4. Mukaisiya kanthawi n'kuiyatsanso imaonetsa kuti moto ulimo, chifukwa maayoni apeza mpata wofika. Chizindikiro china ndi kufufuma. Timadzi tikamawola timatulutsa mipweya, monga CO₂ ndi etilini, ndipo mpweyawo ulibe kotulukira. Batire lochotseka liikeni patebulo losalala n'kulizunguza ndi chala: lathanzi limangokhuta tebulo n'kuima, lofufuma limazungulira ngati nguli. M'mafoni osatseguka chizindikiro ndi galasi kapena chivundikiro chimene chayamba kudzuka m'mbali. Ena amaliboola ndi singano kuti mpweya utuluke. Singanoyo ikhoza kulumikiza anodi ndi kathodi, ndipo chinyezi cha mumpweya chikakumana ndi mchere uja wa LiPF₆ chimapanga asidi woopsa, HF.

Mwina munadabwapo kuti foni imathamanga kudzaza mpaka 70 kapena 80, kenaka n'kuyamba kukwawa. Si vuto la tchaja. Poyamba kadera koyang'anira kutchaja kamakankha magetsi ochuluka mosasintha, mavoliti n'kumakwera. Akafika pa malire, kamawagwira pomwepo, ndipo magetsi olowa amacheperachepera. Chifukwa chake chili m'girafaiti. Mipata ya pafupi ndi khomo yadzaza, ndipo lithiyamu ayenera kupatsidwa nthawi yosunthira m'kati, monga anthu okwera basi yodzaza amene kondakitala akuwauza kuti asendere kumbuyo. Mukakankha kuposa mmene girafaiti angamezere, maayoni amaunjikana pakhomo, amalandira maelekitironi pomwepo n'kusanduka chitsulo, timinga tomwe tija tinagwetsa Moli Energy. Kuzizira kumachititsanso zomwezo chifukwa lithiyamu amayenda pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mabatirewa saloledwa kutchajidwa kukazizira kufika pa madigiri 0, zimene abale athu ali ku Britain kapena ku Johannesburg mu Juni ayenera kukumbukira kuposa ife. Kwathu kuno choopsa ndi china: kulumikiza batire ndi timawaya molunjika ku sola kapena ku batire la galimoto la mavoliti 12, popanda choyang'anira. Batire lenileni limakhala ndi kadera kakang'ono kumutu kwake kodula magetsi mavoliti akapitirira, koma ena otchipa kwambiri kaderako n'kosadalirika. Kutsitsa batire mopitirira nakonso kumawononga. Likagona miyezi litatheratu, mavoliti n'kutsika kwambiri pansi pa 2, kopa wa anodi amayamba kusungunuka, ndipo polidzutsa mokakamiza kopayo amakaunjikana pena n'kupanga njira yachidule m'kati.

Njira yachidule ikapangika, ndi timinga, ndi singano, kapena ndi cholakwika cha ku fakitale, maelekitironi safunikiranso kuzungulira paulalo. Mphamvu yonse imathera pamalo amodzi ngati kutentha, ndipo zinthu zimayamba kugwa motsatana. Cha m'ma madigiri 90 mpaka 120 nkhanambo imasweka, girafaiti wolusa uja n'kukumana ndi timadzi, kutentha n'kuwonjezeka. Cha pa 130 kapulasitiki kamayamba kusungunuka. Kuyandikira 200, kathodi ya kobati imatulutsa okosijeni wake. Apa ndiye zonse zakwana m'kachikwama kamodzi: mafuta oyaka, omwe ndi makaboneti aja, okosijeni, ndi kutentha. N'chifukwa chake moto wa batire suzima pongoufunditsa bulangete. Chofunika n'kuuziziritsa ndi madzi ambiri ndi kutalikirana ndi utsi wake. Mu 2016 Samsung inaitanitsa mafoni a Galaxy Note 7 mamiliyoni angapo chifukwa cha zimenezi. Itafufuza inalengeza kuti m'mabatire ena chikwama chinali chothina moti kona ya anodi inapindika, ndipo mwa ena munali timinga ta kuwotcherera timene tinaboola kapulasitiki.

Popeza okosijeni ndiye amakolezera, njira imodzi ndi kumumanga zolimba. Ndi zimene umachita ufa wina umene gulu la Goodenough, atasamukira ku Texas, linafalitsa mu 1997: LiFePO₄, wa lithiyamu, ayironi ndi fosifeti. Mmenemu okosijeni aliyense wagwiridwa ndi fosiforasi mwamphamvu, moti ngakhale kutenthe satuluka msanga, ndipo nyumbayo imaimabe ngakhale lithiyamu atuluke pafupifupi yense. Malipiro ake ndi akuti nsanja ndi yaifupi, mavoliti 3.2 m'malo mwa 3.7, choncho batire limakhala lalikulu ndi lolemera pa mphamvu yofanana. M'thumba la malaya zimenezo n'zovuta, koma pakona ya nyumba sizidetsa nkhawa, ndipo n'chifukwa chake mabatire ambiri a lithiyamu a sola ndi a mtundu umenewu. Mukaona palembedwa `12.8V`, ndiye kuti muli magulu anayi a 3.2 olumikizidwa motsatana. Amapirira maulendo masauzande. Amakanika chinthu chimodzi chimene okonza masola anazolowera pa mabatire a asidi: simungadziwe bwino moto wotsala pongoyeza mavoliti, chifukwa amakhala cha pa 13 kuchokera pamene batire lili pafupi kudzaza mpaka litatsala pang'ono kutha, kenaka n'kugwa mwadzidzidzi.

Zipangizo zimenezi si za kutali monga mmene dzina la Oxford kapena Japan lingatiganizitsire. Kobati wopitirira theka la amene amakumbidwa padziko lonse amachokera ku Congo, m'dera la Kolwezi, pa mzere womwewo wa miyala umene umapitirira mpaka ku migodi ya kopa ya ku Zambia. Ku Bikita ku Zimbabwe amakumba miyala ya lithiyamu, ku Balama kumpoto kwa Mozambique kuli mgodi waukulu wa girafaiti, ndipo girafaiti anapezekanso ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Koma girafaiti wa m'nthaka salowa m'batire momwemo. Amayeretsedwa mpaka kupitirira magawo 99.9 pa 100, timasamba take timapindidwa kukhala timibulu tozungulira, n'kukutidwa ndi kaboni wina, kuti malo omera nkhanambo achepe. Ntchito imeneyi, yomwe ndi imene imakweza mtengo, yambiri imachitikira ku China.

Kabatire kathu kaja, katafufuma n'kuleka kusunga moto, kakulemerabe magalamu 20. Lithiyamu wake yense, pafupifupi theka la galamu, akadali momwemo. Kungoti wina watsekeredwa m'nkhanambo ndipo sayendanso. Mwa magalamu 7 a ufa wa kathodi, opitirira 4 ndi kobati weniweni, gawo lalikulu kuposa limene limapezeka m'miyala yambiri ya ku Kolwezi. Musakaponye kudzala kumene zinyalala zimatenthedwa, chifukwa ngakhale kofooka kamaphulika pamoto. Matani tepi pa timitu take tachitsulo, kaikeni m'chitini cha mchenga wouma, pamthunzi, kutali ndi ana, mpaka mutapeza otolera zinyalala za magetsi.